Mtima ukamadumpha: zoyenera kumulembera dokotala

Makina ojambula kagundidwe ka mtima, omwe kuchipatala amawatchula kuti isiji, amamvetsera mtima kwa masekondi pafupifupi 10. Namwino amamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, pepala limatuluka, ndipo ntchito imathera pomwepo. Munthu amene mtima wake umadumpha mwa apo ndi apo, makamaka madzulo akakhala pansi, kawirikawiri amatuluka m'chipindamo ndi pepala losonyeza kuti zonse zili bwino, chifukwa pamasekondi amenewo mtima sunadumphe. Akafika kunyumba n'kugona, pachifuwa pamayambiranso, mtima kukhala ngati waima kaye phee kenako n'kumenya kamodzi kuti gu!

Palinso vuto lachiwiri. Pamzere wa kuchipatala pamakhala anthu ambiri, ndipo wodwala akalowa amakhala ndi mphindi zochepa zofotokozera. Ambiri amangoti, "Adokotala, mtima ukumandithamanga." Mawu omwewa amanena munthu wa malungo, mayi woyembekezera amene magazi amuchepera, wophunzira amene akuopa mayeso, ndiponso munthu amene mtima wake ukudwaladi. Dokotala sangawasiyanitse ndi mawu okhawo. Koma wodwala akabwera ndi kalata ya tsamba limodzi yofotokoza momwe mtima wagundira mwezi wathunthu, dokotala amakhala ndi poyambira.

Kuti zimveke bwino, titenge chitsanzo cha mphunzitsi wa kusekondale, bambo wazaka 52, amene ali ndi bipi ndipo akumwa mankhwala. Bamboyu wayamba kumva mtima ukudumpha nthawi yochonga mayeso. Kuchipatala chaching'ono amuyeza bipi, amumvetsera pachifuwa, sanapeze chachilendo, ndipo amulangiza kuti aziwerenga kugunda kwa mtima wake kawiri patsiku kwa mwezi umodzi, adzabwere ndi zimene wapeza.

Zipangizo zake ndi zala ziwiri, wotchi kapena foni yoonetsa masekondi, ndi kope. Amakhala pampando mphindi zisanu osachita kanthu, kenako amaika chala cholozera ndi chapakati pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, pamalo pomwe pamadutsa lamba wa wotchi. Sagwiritsa ntchito chala chachikulu pomvera, chifukwa nachonso chili ndi mtsempha wake umene umagunda ndipo ungamusokoneze. Amasindikiza pang'ono chabe, popeza akapanikiza kwambiri mtsempha umatsekeka n'kusiya kumveka. Ena amakonda kumvera pakhosi, ndipo n'zotheka, koma mbali imodzi yokha komanso mosapanikiza, chifukwa kukanikiza mitsempha ya pakhosi kumatha kuchititsa chizungulire, makamaka kwa achikulire.

Anamwino akakhala pachangu amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Njira imeneyi ndi yabwino kwa mtima umene ukugunda mofanana, koma kwa mtima wodumpha imanamiza, chifukwa kudumpha kumodzi kukagwera m'masekondi amenewo kumawerengedwa ngati kunachitika kanayi, ndipo kukagwera kunja sikuoneka n'komwe. Choncho mphunzitsiyu amawerenga mphindi yathunthu. M'mawa amawerenga asanamwe tiyi, madzulo asanagone, ndipo pamzere uliwonse wa m'kope amalemba tsiku, nthawi, kagundidwe pamphindi, kangati padumpha, ndi zimene amachita kapena kumva.

Pakutha pamwezi, kopelo ladzaza masamba anayi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, popereka kope lonse kwa dokotala amene alibe nthawi yoti awerenge manambala 56. Bamboyu amachita bwino pokhala pansi n'kufinya zonsezo m'kalata yotere:

"Adokotala, ndine bambo wazaka 52. Kwa miyezi iwiri tsopano ndakhala ndikumva ngati mtima ukuima pang'ono kenako n'kumenya mwamphamvu kamodzi. Ndawerenga kagundidwe kake kwa masiku 30, m'mawa ndi madzulo, mphindi yathunthu nthawi iliyonse nditakhala pansi. Ndinaiwala kanayi, choncho ndawerenga ka 56. M'mawa umagunda pakati pa 64 ndi 74, madzulo pakati pa 72 ndi 86. Tsiku limodzi unafika 104, koma ndinali nditatentha thupi ndipo anandipeza ndi malungo. Kudumpha ndakumva pa maulendo 11 mwa 56 amenewa, ndipo 9 mwa iwo anali madzulo. Nthawi zambiri umadumpha kamodzi mpaka katatu pamphindi, ndipo pamene unadumpha kwambiri ndi kasanu ndi kamodzi, usiku umene ndinachezera kuchonga mayeso ndikumwa tiyi wambiri. Pakati pa kudumphako umagunda mofanana bwinobwino. Ndikamayenda kapena kupalasa njinga sindikumva. Sindinakomokepo, sindimva kupweteka pachifuwa, sindibanika, ndipo miyendo siitupa. Kwathu palibe amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono. Ndimamwa mankhwala a bipi okodzetsa aja, ndinayamba miyezi itatu yapitayi, ndipo ndabwera nawo m'paketi yake. Fodya sindisuta, mowa ndimamwa Loweruka lokha. Ndikupempha mundiuze ngati pakufunika kundiyeza zina, ngati mankhwalawa angakhale akuchititsa, komanso ngati ndingapitirize kupalasa njinga. Kope lonse ndalitenga ngati mungafune kuliona."

Kalatayi dokotala angaiwerenge m'mphindi imodzi, ndipo pafupifupi chiganizo chilichonse chikuyankha funso limene akanafunsa. Kuti tione chifukwa chake, tiyenera kudziwa chimene chimachitika mumtima pamene mwini wake akumva ngati waima.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zowapopa. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kamalo kakang'ono kamene kamatulutsa mphamvu yonga ya magetsi, ndipo mphamvuyo ikafalikira mumnofu wa mtima, mtima umafinyika. Kamalo kameneka ndi kamene kamalamula liwiro, ndipo mwa munthu wamkulu amene wapuma, liwirolo limakhala pakati pa 60 ndi 100 pamphindi. Mtima wogunda ka 70 pamphindi umagunda kopitirira pang'ono 100,000 patsiku. Koma mbali zina za mnofu wa mtima nazonso zimatha kutulutsa mphamvuyi, ndipo nthawi zina kambali kena kamafulumira n'kuyambitsa kugunda nthawi yake isanakwane.

Chodabwitsa n'chakuti pamene munthu akumva ngati mtima wajomba, nthawi zambiri umakhala utagunda mofulumira kuposa nthawi yake. Aliyense amene anapopapo pamjigo amadziwa kuti ukatsitsa chogwirira msanga, madzi asanadzaze mumpope, pamatuluka madzi ochepa. N'chimodzimodzi ndi kugunda kofulumiraku. Kumabwera chipinda chisanadzaze magazi, choncho magazi amene atuluka ndi ochepa moti chala cha pamkono sichiwamva. Kenako mtima umadikira kanthawi kotalikirapo kuti ubwerere m'kagundidwe kake, ndipo m'kanthawi kameneko chipinda chimadzaza kuposa masiku onse. Kugunda kotsatira kumakhala kwamphamvu, ndipo ndi kumene kumamudzidzimutsa munthu.

Kugunda kofulumira kotereku kumachitika mwa anthu ochuluka kwambiri. Madokotala akamangirira anthu abwinobwino makina kwa tsiku lathunthu, ambiri amapezeka nako, kungoti sakumva. Amene amakumva amakumva akakhala phee kapena akagona, makamaka chogonera kumanzere, chifukwa nthawi imeneyo mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo palibe china chowasokoneza maganizo.

Munthu amene anathandiza kuchotsa mantha pankhaniyi ndi James Mackenzie, dokotala wa ku Scotland yemwe ankagwira ntchito m'tauni ya Burnley ku England. M'nthawi yake, munthu akapezeka ndi mtima wodumpha ankatengedwa ngati wodwala kwambiri, ena mpaka kuuzidwa kuti azingogona. Mackenzie anapanga kachipangizo kojambula kugunda kwa mitsempha papepala, ndipo anatsata odwala ake omwewo kwa zaka zambiri. Anaona kuti amene mtima wawo unkadumpha koma unalibe vuto lina ankapitiriza ntchito zawo mpaka kukalamba. Buku lake lonena za kugunda kwa mitsempha linatuluka mu 1902. Zimene anachita mphunzitsi uja ndi kope lake zikufanana ndi njira ya Mackenzie, yomvera mtsempha womwewo tsiku ndi tsiku n'kumalemba.

Tsopano tibwerere kukalata ija. Chiganizo chofunika kuposa zonse ndi chija chakuti pakati pa kudumphako mtima umagunda mofanana. Pali matenda ena amene zipinda zam'mwamba zimasiya kufinyika bwino n'kumangonjenjemera, ndipo zikatero mtsempha wa pamkono sukhala ndi dongosolo lililonse. Kugunda kwina kumabwera msanga, kwina mochedwa, kwina mwamphamvu, kwina mofooka, moti munthu sangathe kugwedeza mutu motsatira. Matendawa ndi oopsa chifukwa magazi amatha kuundana m'chipinda chonjenjemeracho, ndipo kachibuluma kakathawira ku ubongo munthu amachita sitiroko. Amachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu. Kuno kwathu samagwira achikulire ndi a bipi okha. Amagwiranso achinyamata amene zitseko za mtima wawo zinaonongeka chifukwa cha zilonda za pakhosi zimene sizinalandire mankhwala ali ana. Choncho wolemba kalata ayenera kunena momveka kuti zake zili mbali iti, kaya ndi kugunda kwadongosolo kokhala ndi mipata, kapena chipwirikiti kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati mawu akusowa, angamuombere dokotala kagundidweko ndi chala patebulo.

Chachiwiri chimene dokotala amayang'ana ndi chakuti kudumphako kumatani munthu akamagwira ntchito. Mphunzitsiyu walemba kuti akamapalasa njinga sakumva. Chimenechi ndi chizindikiro cholimbikitsa, chifukwa mtima ukathamanga, kamalo kolamula liwiro kaja kamagunda pafupipafupi moti kambali kofulumira kaja sikapeza mpata. Zikanakhala kuti kudumphako kumachuluka akamakwera chitunda, kapena kumabwera ndi kupweteka pachifuwa, dokotala akanaganizira za mitsempha yodyetsa mtima ndipo akanafulumira kumuyeza.

Mndandanda wa zinthu zimene bamboyu wati sizimuchitikira ukuoneka ngati wongodzazira tsamba, koma ndi umene umasankha ngati munthu angadikire kapena ayi. Kukomoka, kuona chidima n'kutsala pang'ono kugwa, kupweteka pachifuwa, kubanika, kutupa miyendo, mtima kuyamba mwadzidzidzi kuthamanga kwambiri munthu atangokhala n'kupitirira mphindi zingapo, zonsezi sizidikira mwezi. Amene ali nazo asataye nthawi ndi kope, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso amene amadziwa kale kuti ali ndi matenda a mtima, kapena amene m'bale wake anagwa n'kumwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata. Kuwerenga kwa mwezi wathunthu ndi kwa munthu amene dokotala wamuona kale n'kupeza kuti palibe changozi.

Kenako pali mankhwala. Mankhwala a bipi okodzetsa, omwe amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu, amatulutsa madzi ndi mchere m'thupi, koma amatulutsanso potaziyamu, mchere umene mnofu wa mtima umadalira kuti mphamvu yake iziyenda bwino. Potaziyamu akachepa, kugunda kofulumira kumachuluka. Dokotala akaona kuti mankhwala anayamba miyezi itatu yapitayo ndipo kudumpha kunayamba miyezi iwiri yapitayo, amafuna kuyeza magazi asanaganize china chilichonse. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kwa masiku angapo kumachepetsanso potaziyamu. Mankhwala opopera a mphumu, ena a chimfine ogula m'sitolo, fodya, mowa, zakumwa zopatsa mphamvu zimene madalaivala ndi ophunzira amakonda, kusagona, nkhawa, kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, zonsezi zimatha kuutakasa mtima. N'chifukwa chake kalata iyenera kutchula chilichonse chimene munthu akumwa, ngakhale mankhwala azitsamba, ndipo wodwala asasiye yekha mankhwala a bipi poganiza kuti wapeza cholakwa. Za tiyi ndi khofi anthu amasiyana. Ena amaona kusintha akachepetsa, ena ayi, ndipo kope ndi limene lingamuuze munthu kuti iye ali mbali iti.

Nanga tsiku lija la 104? Bamboyu wachita bwino kulitchula pamodzi ndi malungo. Thupi likatentha mtima umathamanga, ndipo nambala imeneyi ikanalembedwa yokha ikanamusocheretsa dokotala.

Pali kuwerengetsera kwina kumene dokotala amachita mumtima. Mtima ukanati uzidumpha katatu pamphindi iliyonse, usana ndi usiku, kukanakhala ka 4,320 patsiku, ndiye kuti pafupifupi kanayi pa kugunda 100 kulikonse. Madokotala amayamba kudandaula kuti mnofu wa mtima ungafooke pamene kugunda kofulumira kochokera m'zipinda zam'munsi kwapitirira 10 pa 100 iliyonse kwa nthawi yaitali. Mphunzitsiyu ali kutali ndi pamenepo, popeza pa maulendo 45 mwa 56 sanamve kudumpha kulikonse.

Komabe kope lili ndi malire ake, ndipo n'kulakwa kulitenga ngati latha nkhani. Mwezi wa masiku 30 uli ndi mphindi 43,200, ndipo bamboyu wamvetsera 56 zokha. Chala sichingadziwe ngati kugunda kofulumira kwachokera m'chipinda cham'mwamba kapena cham'munsi. Sichingasiyanitsenso kugunda kofulumira ndi vuto lina, limene mphamvu ija imatsekeka panjira yopita kuzipinda zam'munsi ndipo kugunda kumasowadi. Pamkono zonse ziwiri zimamveka ngati mpata. Makina oyezera bipi a kunyumba ndi mawotchi amakono nawonso amasokonezeka ndi mtima wodumpha, moti amatha kuonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni. Choncho kalata imangomusonyeza dokotala poyang'ana, ndipo dzina la matenda limachokera papepala la isiji lojambulidwa pamene kudumphako kukuchitika.

Pofuna kugwira kudumpha kumene kumathawa masekondi 10 aja, pali kachipangizo kamene wodwala amavala tsiku limodzi kapena awiri akupitiriza ntchito zake. Kamatchedwa dzina la amene anakayambitsa, Norman Holter, wa ku Montana m'dziko la America. Chipangizo chake choyamba, cha m'zaka za m'ma 1940, chinali cholemera pafupifupi makilogalamu 38 ndipo ankachibereka kumsana, koma cha masiku ano chimakwana m'thumba la shati. Sichipezeka pachipatala chilichonse, choncho dokotala amayenera kusankha woti amutumize kukachivala. Apanso kalata imathandiza. Amene amamva kudumpha pafupifupi tsiku lililonse, kachipangizoka kadzakugwira. Amene amakumva kamodzi pamwezi angavale tsiku lonse osapezeka kanthu, ndipo kwa iye n'kwabwino kuthamangira ku isiji panthawi imene zikuchitika.

Kwa munthu wonga mphunzitsi uja, dokotala angamvetsere mtima ngati uli ndi phokoso losonyeza vuto la zitseko, n'kumujambula isiji, kuyeza kuchuluka kwa magazi ndi potaziyamu, mwinanso chithokomiro. Popeza ali ndi bipi, angamutumize kukaunika mtima pakanema kuti aone ngati mnofu wake wakhuthala kapena wafooka. Potaziyamu akapezeka wochepa, angamusinthire mankhwala. Zonse zikapezeka bwino, kawirikawiri wodwala amauzidwa kuti azigona mokwanira, achepetse zomwe waona kuti zimamuyambitsa, apitirize njinga yake, ndipo sapatsidwa mankhwala ena.

Ena amakhumudwa kutuluka m'chipatala chimanjamanja, koma madokotala ali ndi chifukwa chosafulumirira. Mu 1989 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu pa anthu amene mitsempha yodyetsa mtima wawo inatsekekapo ndipo mtima unkadumpha. Ena anapatsidwa mankhwala amphamvu oletsa kudumphako, ena mapilisi opanda mankhwala. Kudumpha kunachepadi mwa oyambawo, koma ndi iwo amene anamwalira ambiri, ndipo mbali imeneyo ya kafukufukuyo inaimitsidwa nthawi isanakwane. Kuyambira pamenepo madokotala amayang'ana kaye thanzi la mtima wonse asanalimbane ndi kudumphako. Amene kukumusowetsa mtendere kwambiri angapatsidwe mankhwala ochepetsa liwiro la mtima, koma nawonso sayenera aliyense, makamaka amene ali ndi mphumu.

Kuwerenga nakonso kumatha kusanduka vuto. Munthu akayamba kugwira pamkono kakhumi patsiku, nkhawa imakula, ndipo nkhawayo imachulukitsa kudumpha kumene akukuopa. Kawiri patsiku n'kokwanira, kuwonjezera pamene wamva chachilendo, ndipo mwezi ukatha kope litsekedwe pokhapokha dokotala atapempha kuti lipitirire.

Amene mukukonza kalata yotere, ilembeni patsamba limodzi, muike tsiku pamwamba, ndipo muisunge m'kabuku kanu ka kuchipatala kuti aliyense amene adzakuoneni mtsogolo adzaipeze. Popita, tengani kope lonse ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa. Ngati mkati mwa mweziwo mwakomoka, mwabanika kapena mwamva kupweteka pachifuwa, siyani kuwerenga ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.